Msonkho wolipiriratu kwa munthu amene phindu lake limabwera ndi nyengo

Mukayenda pa msewu wochokera ku Zalewa kupita ku Mwanza m'miyezi ya Juni ndi Julayi mumaona manachesi ataunjikidwa m'mbali mwa msewu, m'madengu, m'matumba ndi m'malole opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mukadzadutsanso mu Febuluwale simupeza malole aja, ndipo amene ankagwira mipukutu ya ndalama amakhala akuwerengera za thumba la chimanga. Geni ya anthu ambiri odzilemba okha ntchito m'boma lino imayenda motero. Ndalama zimabwera zambiri kwa miyezi inayi kapena isanu, kenako zimachepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Msonkho wa boma suyendera nyengo ya manachesi, uli ndi masiku ake anayi pa chaka. Mutu uno ukufotokoza momwe munthu angalipirire pa masiku anayiwo pamene ndalama zake zimakwera ndi kutsika.

Munthu wolembedwa ntchito sadera nkhawa za nkhaniyi chifukwa abwana ake amadula msonkho pa malipiro mwezi uliwonse n'kuupereka ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, lomwe tonse timalitchula kuti MRA. Wodzilemba yekha ntchito alibe womudula. Boma likanayembekezera kuti chaka chithe kuti limufunse msonkho wonse nthawi imodzi, likanapeza ndalamazo zitalowa kale m'feteleza ndi m'fizi. N'chifukwa chake lamulo limati munthu wotere ayerekeze yekha phindu limene apeze m'chakacho, awerengere msonkho wake, ndipo aziupereka m'zigawo zinayi chaka chili mkati. Pa mafomu a MRA ndi pa Msonkho Online dzina lake ndi Provisional Tax, koma ife tiziutchula msonkho wolipiriratu. Ndi msonkho womwewo wa pa phindu, suwonjezera pa wina, kungoti ukuperekedwa msanga. Chaka chikatha, zonse zimene munalipiriratu zimachotsedwa pa msonkho wanu weniweni.

Si aliyense wogulitsa manachesi amene nkhaniyi ikumukhudza. Mu 2021 boma linakhazikitsa msonkho wa mtengo woikika wa mabizinesi aang'ono amene malonda awo onse pa chaka sapitirira K12,500,000. Amenewo amalipira ndalama yodziwikiratu malinga ndi gulu lawo ndipo sachita masamu amene tichite pano. Koma malirewo amayezedwa pa malonda onse, osati pa phindu. Munthu amene amadzaza lole kawiri pa sabata nyengo yonse ya zipatso amawadutsa malirewo Ogasiti asanafike, ngakhale iye mwini amadziona ngati wageni wamba. Mutu uno ndi wa munthu ameneyo, komanso wa mwini lole yonyamula katundu pa msewu wa ku Tete, wa mmisiri womanga amene amapeza kontirakiti imodzi yaikulu pa chaka, ndi wa wogula nandolo m'midzi ya kwa Kanduku ndi kwa Nthache.

Masiku anayi ndi 90 peresenti

Kale chaka cha boma chinkayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni. Kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Amalonda ena achikulire akadali ndi kalendala yakale m'mutu, ndipo apa pokha ena amaphonya tsiku. Kwa munthu amene mabuku ake amatsatira chaka cha boma, chigawo choyamba ndi Epulo mpaka Juni ndipo msonkho wake uyenera kulowa pofika pa 25 Julayi. Chachiwiri ndi Julayi mpaka Seputembala, tsiku lake 25 Okutobala. Chachitatu ndi Okutobala mpaka Disembala, tsiku lake 25 Januwale. Chomaliza ndi Januwale mpaka Malichi, tsiku lake 25 Epulo. Pambuyo pake mumakhala ndi masiku 180 kuchokera pamene chaka chathera oti mupereke fomu ya chaka chonse yosonyeza phindu lenileni ndi kulipira chotsala. Masiku 180 amenewa amathera kumapeto kwa Seputembala.

Nkhani yonse yagona pa lamulo limodzi. Pofika tsiku lomaliza lija la 25 Epulo, zonse zimene mwalipiriratu ziyenera kukwana 90 peresenti ya msonkho weniweni wa chakacho. Boma likudziwa kuti kuyerekeza sikungagwere ndendende, ndiye limakupatsani mpata wolakwitsa wa 10 peresenti. Kupereweza kupitirira pamenepo kuli ndi chindapusa. Kwa zaka zambiri lamulo la msonkho lakhala likuika chindapusachi pa 25 peresenti ya ndalama yoperewerayo, ndipo chimakwera kufika pa 30 peresenti ngati zoperewerazo zaposa theka la msonkho wonse. Ndalama imeneyi ndi yaikulu ndipo simupeza nayo kanthu.

Tsono yang'anani pamene mayeso a 90 peresenti akugwera pa kalendala ya ku Mwanza. Pa 25 Epulo manachesi amakhala akungoyamba kupsa, mpamba wonse umafunika kuti mugwire minda ndi kulipiriratu alimi, ndipo m'thumba mumakhala mopepuka mutadutsa miyezi ya njala. Amene wadikira tsikuli kuti akonze zolakwika za chaka chonse wasankha tsiku limene alibe ndalama. Ichi ndicho chifukwa chake ndikulimbikira kuti kwa munthu wa ndalama za nyengo, msonkho wolipiriratu umakonzedwa mu Julayi ndi mu Okutobala, ndalama zikadali m'manja.

Chaka cha mayi wina wamalonda

Tiyerekeze mayi wina wa pa boma la Mwanza. Ndi munthu wongoyerekeza ndipo ziwerengero zake ndazisankha kuti masamu aoneke bwino, koma malonda ake ndi amene mumawadziwa. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti amagula manachesi ku Thambani ndi ku Kunenekude n'kuwatumiza m'tauni pa lole yahayala. Mu Ogasiti ndi Seputembala amagula nandolo n'kugulitsa ku kampani ina ya ku Blantyre. Miyezi yotsalayo amadalira kagolosale kake.

Tigwiritsa ntchito mitengo ya msonkho imene inayamba pa 1 Epulo 2024. M'chaka chimenecho K1,800,000 yoyamba ya phindu la pa chaka sinkadulidwa kanthu. Kuchokera pamenepo kufika pa K6,000,000 msonkho unali 25 peresenti, kuchokera pa K6,000,000 kufika pa K30,600,000 unali 30 peresenti, ndipo zopitirira apo 35 peresenti. Mitengo imeneyi imasintha nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, nthawi zina ngakhale chaka chili pakati, choncho musanawerenge zanu funsani mitengo ya chaka chimene muli. Mitengo ikasintha, njira yowerengera imakhala yomweyo.

Chaka chapitacho mayi wathu anapeza phindu la K6,000,000. Mu Epulo akukhala pansi n'kunena kuti chaka chino chikhalanso chomwecho. Akachotsa K1,800,000 yosadulidwa ija patsala K4,200,000, ndipo 25 peresenti yake ndi K1,050,000. Akugawa panayi n'kupeza K262,500 pa chigawo chilichonse. Mpaka apa palibe cholakwika. Kuyambira pa phindu la chaka chatha ndi nzeru chifukwa mu Epulo palibe china chogwirika. Cholakwika chimabwera munthu akatenga chiwerengero cha mu Epulo ngati chosasinthika n'kumangolipira K262,500 yomweyo osayang'ananso m'buku.

Chaka chenicheni chinayenda chonchi. Epulo mpaka Juni phindu linali K3,600,000. Julayi mpaka Seputembala, manachesi ndi nandolo zitakumana, linali K5,000,000. Okutobala mpaka Disembala golosale inapereka K1,000,000. Januwale mpaka Malichi makasitomala analibe ndalama, lendi ndi malipiro a mnyamata wa m'golosale sizinaime, ndipo mayiyu analuza K400,000. Chaka chonse phindu ndi K9,200,000. Msonkho wake ndi K1,050,000 ya pa K6,000,000 yoyamba, kuphatikiza 30 peresenti ya K3,200,000 yotsalayo, yomwe ndi K960,000. Zonse pamodzi K2,010,000, ndipo 90 peresenti ya ndalama imeneyi ndi K1,809,000.

Pali kandalama kena kamene mayiyu analipira osakagwira m'manja. Kampani yogula nandolo ija, pomulipira K4,000,000, inadula 3 peresenti, yomwe ndi K120,000, n'kuipereka ku MRA m'dzina lake. Uwu ndi msonkho wodulidwa pa malipiro, umene pa satifiketi yake pamalembedwa Withholding Tax, ndipo umawerengedwa ngati gawo la msonkho umene mwapereka kale. Ndiye akanangotsata chiwerengero cha mu Epulo, pofika 25 Epulo wotsatira akanakhala atapereka K1,050,000 ndi K120,000, zonse K1,170,000. Mzere wa K1,809,000 akanauphonya ndi K639,000, ndipo pa msonkho wonse akanatsala ndi ngongole ya K840,000, pamwamba pake chindapusa chopitirira K150,000. Mayi ameneyu sanabise kanthu ndipo sanaphonye tsiku ngakhale limodzi. Chimene sanachite n'kubwerera ku chiwerengero chake ataona kuti malonda ayenda bwino kuposa chaka chatha.

Wina angafunse kuti phindu lingalumphe bwanji kuchoka pa K6,000,000 kufika pa K9,200,000 munthu osazindikira. Ku Malawi zimenezi n'zosavuta. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya zinthu ikakwera, wamalonda akhoza kunyamula matumba ofanana ndi a chaka chatha koma makwacha a phindu n'kuchuluka kwambiri. Iye samva kuti walemera, chifukwa sopo ndi dizilo nazonso zakwera. Koma msonkho umawerenga makwacha, ndipo makwacha owonjezerawo amagwera m'gawo la 30 peresenti. Pa zaka za kukwera mitengo, phindu la chaka chatha kawirikawiri limakhala chiyerekezo chotsika.

Kuwerenganso pa chigawo chilichonse

Njira yabwino ndi yobwerera m'buku chigawo chilichonse chikatha n'kudzifunsa mafunso awiri. Loyamba: kufika lero ndapeza phindu lanji chiyambire Epulo? Lachiwiri: malinga ndi momwe chaka changa chimayendera, phindu limeneli ndi gawo lanji la chaka chonse? Funso lachiwirili ndi limene limasiyanitsa munthu wa ndalama za nyengo ndi mwini chigayo cha m'tauni amene miyezi yake imafanana.

Kumayambiriro kwa Julayi mayi wathu akutsegula buku la chaka chatha n'kuona kuti pa K6,000,000 ija, K2,400,000 inabwera pakati pa Epulo ndi Juni. Ndiye kuti chigawo choyamba chimamupatsa magawo 40 pa 100 a phindu la chaka. Chaka chino chigawo chomwecho chapereka K3,600,000. Ngati imeneyi ndi magawo 40, chaka chonse chikulozera ku K9,000,000, ndipo msonkho wa ndalama imeneyi ndi K1,950,000. Akanatha kugawa panayi n'kulipira K487,500. Koma popeza akudziwa kuti mu Januwale ndi mu Epulo sadzakhala ndi K487,500, akulipira molingana ndi gawo la phindu limene walandira kale, magawo 40 pa 100 a K1,950,000, yomwe ndi K780,000. Palibe amene amalangidwa chifukwa cholipira zambiri kumayambiriro.

Kumayambiriro kwa Okutobala phindu lonse lafika pa K8,600,000. Nyengo ya ndalama yatha ndipo zotsala ndi za golosale, zimene akuziyerekeza pa K800,000 miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayo. Chiyerekezo chatsopano ndi K9,400,000, msonkho wake K2,070,000. Phindu limene lili kale m'manja ndi pafupifupi magawo 91 pa 100 a chaka chonse, choncho msonkho umene uyenera kukhala utalowa ndi pafupifupi K1,890,000. Akachotsa K780,000 ya mu Julayi ndi K120,000 imene kampani ya nandolo inadula, patsala K990,000. Imeneyi ndiyo ndalama ya pa 25 Okutobala.

Ndikudziwa kuti chiwerengero chimenechi chimalasa mtima. Okutobala ndi mwezi wa feteleza ndi mbewu, fizi ya teremu yoyamba yangotuluka kumene, mwina pali ukwati wa mphwake kapena malata amene anawalonjeza chaka chatha. Kupereka pafupifupi miliyoni ku boma m'mwezi umenewu kumaoneka ngati kudzimana dala. Koma ndalama imeneyo si ya mayiyu kuyambira tsiku limene phindu linalowa. Kaya ailipira mu Okutobala kaya mu Epulo, iyenera kutuluka, ndipo kusiyana kwake n'koti mu Okutobala ali nayo pamene mu Epulo adzaifuna kwa akatapila. Pamenepo zonse zimene wapereka zafika K1,890,000, kutanthauza kuti wadutsa kale mzere wa K1,809,000 chaka chisanathe.

Zotsalazo n'zopepuka. Mu Januwale phindu lonse lili pa K9,600,000, koma akuona kuti miyezi itatu ikubwerayo aluza, ndiye akutsitsa chiyerekezo kufika pa K9,200,000. Msonkho ndi K2,010,000 ndipo watsala ndi K120,000 yokha. Akulipira K60,000 pa 25 Januwale ndi K60,000 pa 25 Epulo. Pamene anzake akuthamanga m'miyezi ya njala, iye akupereka ndalama imene golosale ingakwanitse. Onaninso kuti kuluza kwa chigawo chomaliza kwachepetsa msonkho wa chaka chonse, chifukwa msonkho umenewu umawerengedwa pa chaka chathunthu.

Kuti ndalama ya mu Okutobala ipezeke, iyenera kupatulidwa pamene ikulowa. K1,950,000 pa K9,000,000 ndi pafupifupi matambala 22 pa kwacha iliyonse ya phindu. Lole iliyonse ikabwera kuchokera ku Blantyre, mayiyu achotse zimene wawononga pa ulendowo, ndipo pa phindu lotsalalo apatule K22 pa K100 iliyonse n'kuiika ku akaunti ina ya kubanki imene sailowetsa m'geni. Ikakhala m'chikwama chimodzi ndi mpamba, idzagula nandolo. Ena amanena kuti kuli bwino ndalamayo izizungulira m'malonda mpaka tsiku lolipira, ndipo pa masamu okha akunena zoona. Koma nandolo mtengo wake umatha kugwa mwadzidzidzi, monga alimi a m'chigawo cha kum'mwera anaonera mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo. Ndalama ya msonkho ikatsekeredwa m'matumba osagulika, tsiku la 25 silisuntha.

Masamu awiri amene amasocheretsa

Pali njira ziwiri zolakwika zimene zimaoneka zanzeru. Yoyamba ndi kutenga phindu la chigawo choyamba n'kuchulukitsa kanayi. Kwa mayi wathu K3,600,000 kanayi ndi K14,400,000, ndipo msonkho wake ndi K3,570,000, kuposa weniweni ndi K1,560,000. Akapitiriza kulipira motsata chiwerengero chimenechi, mpamba wake ukakhala ku boma. Ndalama yolipira mopitirira sitayika, imatha kubwezedwa kapena kuwerengeredwa pa msonkho wa m'tsogolo, koma kubwezako kumafuna kuti mabuku aunikidwe kaye ndipo sikuchitika sabata imodzi, pamene nyengo ya manachesi sidikira. Kuchulukitsa kanayi kumasocheretsanso mbali ina. Kwa wogula chimanga kapena mmisiri amene ndalama zake zimabwera mochedwa m'chaka, chigawo choyamba chimakhala chowonda, ndipo kuchichulukitsa kanayi kumapereka chiwerengero chotsika kwambiri.

Yachiwiri ndi kuwerengera chigawo chilichonse pachokha ngati chaka, n'kumachotsa K1,800,000 yosadulidwa ija nthawi iliyonse. Mayi wathu akanatero akanapeza K450,000 pa chigawo choyamba, K800,000 pa chachiwiri, ndi ziro pa ziwiri zotsalazo, zonse K1,250,000. Ndalama yosadulidwayo ndi ya chaka chonse ndipo imachotsedwa kamodzi kokha. Komanso pogawa phindu m'zidutswa, palibe chidutswa chimene chafika pa 30 peresenti, pamene phindu la chaka chonse lafikapo. Chizindikiro choti mwagwa m'dzenje limeneli n'chosavuta kuona: phatikizani phindu lonse chiyambire Epulo, muwerengere msonkho wake kamodzi, ndipo muyerekeze ndi zimene mwalipira. Zolipirazo zikachepa kwambiri, masamu anu asokonekera penapake.

Phindu lenilenilo ndi liti

Masamu onsewa aima pa mawu amodzi akuti phindu, ndipo apa ndi pamene amalonda ambiri a kumudzi amagwa. Phindu si ndalama imene yatsala m'chikwama madzulo. Ndi malonda onse kuchotsa zimene mwawononga kuti malondawo achitike: mtengo wa zipatso kwa alimi, aganyu othyola ndi okweza, matumba, hayala ya lole, chiphaso cha pamsika, lendi ya golosale. Ndalama imene mwatapa kugulira ndiwo kunyumba, fizi ya ana, kapena chipepeso pamaliro sichotsedwa, ngakhale yatuluka m'chikwama chomwecho. Munthu amene amadya phindu tsiku ndi tsiku amaona ngati sakupindula, koma m'maso mwa lamulo phindulo analipeza ndipo analidya. Katundu amene sanagulitsidwe pa 31 Malichi, monga matumba a nandolo amene mwasunga kudikira mtengo, amawerengedwa ngati katundu wotsala, ndipo mtengo wake suchotsedwa ngati ndalama yowonongeka m'chaka chimenecho. Galimoto kapena sikelo yaikulu imene mwagula sichotsedwa yonse kamodzi, imachotsedwa pang'onopang'ono malinga ndi malamulo ake.

Vuto la ku Mwanza n'lakuti mlimi wa ku Thambani sapereka lisiti. Mukagula mtengo wonse wa manachesi pa ndalama ya m'manja, palibe pepala losonyeza kuti ndalamayo inatuluka. Tsiku limene a MRA adzafune kuona mabuku, adzaona ndalama zolowa, makamaka zimene zinadutsa kubanki ndi pafoni, koma zotuluka mudzazinena pakamwa. Gulani kabuku ka malisiti ka makaboni. Pa kugula kulikonse lembani tsiku, mudzi, dzina la mlimi, kuchuluka kwa katundu ndi ndalama, ndipo mlimiyo asayine kapena adinde chala. Zipatso zikaola panjira chifukwa lole yafera ku Lisungwi, lembaninso tsiku lomwelo kuti matumba angati atayika, kuti adzamvetse chifukwa chake zogula zachuluka kuposa zogulitsa. Buku lomweli ndi limene lidzakuuzani chaka chamawa kuti chigawo chanu choyamba ndi magawo angati pa 100. Popanda bukulo njira yonse imene tafotokozayi ilibe poyambira.

Masatifiketi a msonkho wodulidwa asungeni ngati ndalama. Kampani ikakudulani, ipatseni nambala yanu ya TPIN yolondola ndipo mufunse satifiketi nthawi yomweyo. Ndalama yodulidwa imene sinalembedwe pa nambala yanu n'kovuta kuti iwerengedwe kwa inu. Kwa eni malole nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa pa ntchito yonyamula katundu amadulidwa 10 peresenti ya malipiro onse dizilo asanachotsedwe, ndipo nthawi zina zodulidwazo zimakwana msonkho wonse wa chigawocho. Amene amalowetsa katundu wamalonda kudzera pa chipata cha Mwanza kuchokera ku Zobue ayang'anenso mapepala a pa kasitomu. Kupatula msonkho wa katundu, pamakhala msonkho wa pa phindu umene ena amalipiritsidwa pa chipata pomwepo, ndipo umenewo nawonso umachotsedwa pa msonkho wa chaka. Munthu wosadziwa amalipira kawiri.

Kulipira kwenikweni masiku ano kumadutsa pa Msonkho Online. Mumalowa ndi TPIN yanu, mumadzaza fomu ya chigawocho, makinawo amakupatsani nambala yolipirira yotchedwa PRN, ndipo mumapita nayo kubanki. Onetsetsani kuti mwasankha mtundu wa msonkho wolondola ndi chigawo cholondola, chifukwa ndalama yolowa pa mzere wolakwika imasiya chigawo chanu chikuoneka ngati sichinalipidwe. Musadikire tsiku la 25 lenilenilo. Netiweki ndi magetsi zikavuta tsiku limenelo, kuchedwa kumakhala kwanu, ndipo kuchedwa kuli ndi chilango chake chosiyana ndi cha 90 peresenti chija. Chigawo chimene mwaluza musangokhala chete. Perekani fomu yosonyeza momwe zinthu zilili, kuti mbiri yanu isakhale ndi mpata umene udzakuvutitseni pofuna satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, imene amafunsa mukafuna kugulitsa katundu ku maofesi a boma kapena kupikisana nawo pa tenda.

Mayi wathu ali ndi mwayi umodzi: ndalama zake zimabwera kumayambiriro kwa chaka cha msonkho, choncho kulipira molingana ndi phindu kumamuika patsogolo pa zigawo zofanana zija. Pali ena amene nyengo yawo ndi yotembenuka, monga wogulitsa feteleza ndi mbewu amene ndalama zake zimabwera mu Novembala ndi Disembala, kapena wosunga chimanga amene amagulitsa mu Januwale ndi Febuluwale. Kwa iwo tsiku la 25 Julayi limafika asanapeze kanthu, ndipo kulipira molingana ndi phindu kukutanthauza kupereka zochepa kumayambiriro. Munthu wotere asangoganiza yekha. Apite ku ofesi ya MRA chaka chikungoyamba, atanyamula buku la chaka chatha losonyeza mwezi ndi mwezi, afotokoze kuti ndalama zake ndi za nyengo, ndipo apemphe kuti zimene agwirizana pa kagawidwe ka zigawo zake zilembedwe pa pepala. Iye ayeneranso kusamala kwambiri ndi chigawo chomaliza, chifukwa phindu lake lalikulu limalowa pafupi ndi mapeto a chaka ndipo ali ndi masiku 25 okha pambuyo pa 31 Malichi oti awerenge ndi kufika pa 90 peresenti.

Inu amene mukugula manachesi nyengo ino, sabata yoyamba ya Julayi ikafika khalani pansi ndi buku la chaka chatha ndi la chaka chino, muwerengenso chiyerekezo chanu, ndipo mulipire gawo lalikulu la msonkho wanu pa 25 Julayi ndi pa 25 Okutobala malole akadayenda.